Chaka chimene a Basilio anaphunzitsa pamtetete

A Basilio Ngozo anaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu pa kasukulu ka kumudzi, ulendo wa maola atatu wapansi kuchokera kwa ansembe ku Lifidzi. Anali mwana wa alimi a nyemba. Ansembe anawatenga akadali mnyamata chifukwa masamu ankawalowa msanga, ndipo atawaphunzitsa anawabweza kumudzi kuti akakhale mphunzitsi ndi katekisita nthawi imodzi. Anthu ankawatchula kuti apulofesolo. Anali munthu wamfupi, woonda, woyenda chowerama pang'ono, koma mawu awo ankamveka mpaka kudambo.

Sukulu ndi kapela inali nyumba imodzi ya zidina, yofolera ndi udzu. Lamulungu anthu ankapempheramo, masiku enawo ana ankaphunziramo. Kumapeto kwa dzinja la 1953 mvula yamphepo inasasula denga, khoma la kumadzulo nkugwa. Akuluakulu a mpingo anati njerwa zidzaumbidwa m'chilimwe anthu akakolola. Kufikira nthawiyo sukulu inayenera kuchitikira panja, pansi pa mtengo wa mkuyu umene unali pafupi ndi msewu wa ku Domwe.

Ana aang'ono a m'mawa sankavuta. Vuto linali gulu la masana, anyamata ndi atsikana makumi atatu ndi mmodzi, a zaka khumi ndi zinayi mpaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene anayamba sukulu mochedwa chifukwa choweta ng'ombe ndi kulera ana. M'kapela makoma ankawagwira. Panja maso awo anali pamsewu. Ikadutsa ngolo ya mbatata ankaikuwa. Akadutsa munthu panjinga ankayamba kutsutsana kuti ndi wa mudzi uti. Ikamveka kamiyau, galimoto yaikulu yodzatenga anthu opita kuntchito ku Halale, anyamata ankaimirira onse osapempha. Mphepo ya mwezi wozizira inkagwetsa kwadulu, thabwa lakuda lolembapo lija, ndipo inkamwaza mawu a mphunzitsi asanafike kwa okhala kumbuyo.

A Basilio ankangodziwa njira imodzi, imene iwonso anaphunzitsidwa nayo: kukweza mawu, ndipo zikakanika, palamatoriya, kathabwa kobowolabowola komenyera m'manja. Anakuwa milungu isanu. Madzulo ankafika kunyumba kukhosi kukuwawa, nkungokhala pakhonde osafuna kuyankhula ndi munthu.

Wamkulu pa anyamatawo anali Nicolau, wamtali kuposa aphunzitsi ake, wodziwa kuseketsa anzake. Tsiku lina, pakati pa phunziro la Chipwitikizi, anathamangira ngolo, nakwera kumbuyo kwake, nayamba kulalikira chammbuyo motsanzira mawu a a Basilio. Gulu lonse linagwa ndi phwete. Atabwerako a Basilio anamupatsa zikwapu zisanu ndi chimodzi m'manja. Adelina, mtsikana wofatsa amene sanamenyedwepo, analephera kubweza chiseko, nayenso analandira ziwiri. Sanalire. Anangoyang'ana manja ake.

M'mawa mwake ana khumi ndi awiri sanabwere, ndipo Adelina anali mmodzi mwa iwo. Makolo sanawakakamize, popeza inali nthawi yokolola ndipo manja ankafunika kumunda. Tsiku lomwelo mawu a a Basilio anatha. Akatsegula pakamwa ankangotuluka manong'onong'o.

Akazi awo, a Leonor, anawaphikira madzi a mandimu. Anali mayi osaphunzira, koma olima kwambiri.

“Bambo a Sesilia, mukuwo sunakuthandizeni,” anatero. “Anawo amatani inu mukamayankhula?”

“Amayenera kumvetsera,” ananong'ona a Basilio.

“Ndiye kuti amangokhala. Ine padima sindinaonepo munthu akuyang'ana kumsewu ali ndi ndime yake patsogolo. Amasokosa, inde, amaimba, koma khasu likuyenda. Apatseni ndime.”

“Sukulu si munda, mai a Sesilia.”

“Chabwino. Mawa mukakuwenso.”

A Basilio anakwiya, koma analibe mawu okwiyira.

Lolemba anapita ndi chingwe cha khonje chimene anamanga mfundo pa mita iliyonse, imene iwo ankati metulu. Anachipereka kwa anyamata, kenaka nkuyamba kufotokoza zoti ayeze bwalo. Palibe anamva. Chingwe chitangofika m'manja anyamata anagawikana pawiri nkuyamba kukokana mpaka chinaduka, ena nkugwa chagada m'fumbi. A Basilio anakhala pachitsa, natseka maso. Tsikulo anawawerutsa dzuwa likadali pamwamba.

Koma pobwerera kunyumba anaona pamene analakwitsa. Anapereka chingwe asananene ntchito, ndipo chinali chimodzi pa anthu pafupifupi makumi awiri.

Lachitatu anafika ana asanabwere. Anakoka zipika zokhalira nkuziika mwa chikwakwa, moyandikana, kuti ana afulatire msewu ndipo dzuwa liwale m'maso mwa mphunzitsi, osati mwa iwo. Kwadulu anaimangirira kumtengo. Anakhoma zikhomo zinayi kuzungulira bwalo, malire oti munthu asadumphe. Panthambi anapachika khasu lakutha ndi kachitsulo koliombera. Zingwe zinayi, zimene anapota ndi a Leonor, anazibisa m'thumba.

Ana atakhala, phokoso linayamba monga mwa masiku onse. A Basilio anaomba khasu kamodzi, naima osanena kanthu. Anaima nthawi yaitali, miyendo ikuwawa, akuyang'ana mmodzimmodzi. Phokoso linatsika, poyamba kutsogolo, kenaka kumbuyo, chifukwa ana anafuna kudziwa chimene chavuta. Pamenepo anakodola Nicolau.

“Iwe, mawu anga atha,” ananong'ona. “Ako ndi ambiri. Ima apa, unene zimene ndikuuze.”

Nicolau anayang'ana anzake, akuyembekeza kuti pali msampha. Kenaka anabwera. Poyamba ananena motsanzira, ana nkuseka. A Basilio sanamudzudzule. Anadikira chiseko chithe, nanong'ona chiganizo chachiwiri. Pofika chachitatu Nicolau anali atatopa ndi nthabwayo, akungonena bwinobwino.

Ntchito inali yachidule. Akuluakulu adzafuna kudziwa pomanga kapela yatsopano, ya mametulu khumi ndi awiri m'litali ndi asanu ndi limodzi m'lifupi. Gulu lililonse liyeze nkukhoma zikhomo pamalo pake. M'gulu aliyense akhale ndi chochita: awiri ogwira chingwe, wokhoma, wowerenga mfundo mokweza m'Chipwitikizi, ndi wolemba. Khasu likalira, onse abwerere pazipika. Anafunsa mtsikana wina kuti abwereze zimene wamva, ndipo atabwereza ndi pamene anatulutsa zingwe.

Phokoso silinachepe. Mwina linakula. Koma linali la “kokera kuno” ndi “walumpha mfundo iwe”. A Basilio ankayenda gulu ndi gulu osakhala pansi. Ngolo ziwiri zinadutsa, ndipo anatembenuka ndi anyamata atatu okha. Khasu litalira, gulu limodzi linachedwa, iwo nkuimanso chete mpaka onse atakhala.

Ngodya za magulu onse zinali zokhota. Tsiku lotsatira anawaonetsa kuongola kwake: kutenga chingwe cha mametulu khumi ndi awiri, kulumikiza nsonga zake, anthu atatu nkukoka kuti mbali imodzi ikhale ya mametulu atatu, ina anayi, ina asanu. Ngodya ya pakati pa atatu ndi anayi imatuluka yolunjika. Nicolau sanakhulupirire. Anayesa katatu pamalo osiyana, nakatenga ndi chitseko cha kapela yakugwa kudzalinga.

Loweruka a Basilio anayenda wapansi kupita kwawo kwa Adelina. Anapeza mayi ake akupuntha nyemba. Sanapepese mwachindunji, popeza mphunzitsi wa masiku amenewo sankatero, koma anati gulu lina lilibe wolemba wodalirika ndipo iwo akumufuna mwanayo. Adelina anabwera Lachiwiri, ntchito yoyeza isanathe. Mwa khumi ndi awiri aja anabwerera asanu ndi awiri.

Sikuti zinthu zinakhala bwino kuyambira pamenepo. Masamu ankalola zingwe, koma katekisimu ndi maverebu, aneni a Chipwitikizi, sizinkalola. A Basilio anaphunzira kuyamba ndi zovutazo ana asanatope, kuzidula zifupizifupi, ndi kusunga zingwe kumapeto. Masiku ena mphepo inkakula moti chilichonse chinkakanika. Tsiku lililonse linkafuna kukonzekera kwatsopano, pamwamba pa ana a m'mawa, maliro, odwala ofuna mapemphero, ndi munda wawo womwe. Anaonda kwambiri chaka chimenecho.

Wansembe woyendera masukulu anafika tsiku lina pa njinga yamoto, napeza ana atamwazika bwalo lonse, akukuwa manambala.

“Apulofesolo, iyi ndi sukulu kapena msika?” anafunsa m'Chichewa chake chopotoka.

A Basilio anaomba khasu. Ana anabwerera pazipika, osathamanga kwenikweni, koma onse. Wansembeyo anafunsa Adelina mametulu ozungulira kapela yonse. Mtsikanayo anayankha m'Chipwitikizi kuti makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, nafotokoza mmene anawapezera. Mlendoyo anagwedeza mutu movomera, koma pochoka anati pa ezame, mayeso omaliza, sipadzakhala zingwe, padzakhala kulemba ndi kuwerenga, ndipo asaiwale zimenezo. A Basilio anati sanaiwale.

Kutatsala milungu iwiri kuti ezame ichitike, Nicolau sanabwere. Anali atapita ku Halale ndi amalume ake, kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Sanatsanzike. A Basilio atamva anangoti “Oho,” nasankha mnyamata wina woti aziwanenera. Ameneyo anali wamanyazi, mawu ake osamveka, ndipo phokoso linabwereranso kwa masiku angapo.

Anatumiza ana asanu ndi anayi ku ezame. Anakhoza anayi, Adelina ali pakati pawo. Zaka za m'mbuyomo ankakhoza atatu kapena anayi, kotero panalibe woyamikira kapena wodandaula. Kapela inamangidwa m'chilimwe pa zikhomo zimene gulu la Adelina linakhoma, amisiri atayezanso nkusuntha chimodzi chokha. Mvula isanagwe sukulu inabwerera m'kati.

Mawu a a Basilio sanabwerere onse. Anaphunzitsa zaka zina zisanu ndi chimodzi ndi mawu osasa, ndipo Lamulungu nyimbo ankayambitsa ndi munthu wina. Mu 1959 ansembe anatumiza mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Fonte Boa. A Basilio anamuonetsa kaundula wa mayina, anamuuza za ana amene amachokera kutsidya kwa mtsinje kuti asamawalange akachedwa m'dzinja, ndipo anamusiya akukonza mabenchi. Anakhala zaka zawo zotsalazo akulima nyemba ndi mbatata kuseri kwa phiri, pamodzi ndi a Leonor.