Tsiku limene ndinakhala pansi pamsewu wa ku Migowi

Pikapu yathu tinaigula ndi penshoni ya amuna anga atapuma pa uphunzitsi, ndipo ndiyo inkatidyetsa. Loweruka lina tikuchokera ku Jenala ndi matumba a nandolo, lole inakhota moipa pafupi ndi msika wa Migowi, n'kudzatiomba kumbali yathu. Palibe anavulala, koma kutsogolo kwa pikapu kunaphwanyika.

Inshuwalansi yathu inali yolipira anthu ena okha tikawaonongera katundu. Kuti pikapu ikonzedwe, inayenera kulipira kampani ya inshuwalansi ya loleyo, ndipo iwo sakanatulutsa kanthu popanda lipoti la apolisi lonena amene walakwa.

Anthu a kumeneko ndi achifundo mopitirira. Posakhalitsa amuna khumi anali atagwira kale pikapu kuti aikankhire pambali. Wowatsogolera anali dalaivala wa lole yemweyo.

"Mayi anga, tichotse izi minibasi zidutse," anatero. "Tikambirana pachibale."

Chibale chanji ndi munthu amene ndamuona lero? Ndinayala chitenje kutsogolo kwa tayala n'kukhala pansi.

"Mukankhe ndi ine ndemwe," ndinatero. "Palibe galimoto isunthe apolisi asanafike."

Makondakitala ananditukwana, ngakhale minibasi zinkatha kulambalala m'mphepete. Amuna anga, munthu wamanyazi, anali atayamba kale kuuza dalaivala uja kuti mwina iwonso anachedwa kuponda buleki. Ndinawakoka buluku.

"Bambo, musavomere kanthu. Kwerani njinga ya kabaza mukaitane apolisi."

Ndili pansi pomwepo ndinatulutsa kope. Ndinalemba nambala ya lole, nthawi, dzina la mwini wake lomwe linali pachitseko. Ndinatuma mayi wina wogulitsa tomato kuti andiwerengere chipepala cha inshuwalansi chomata pagalasi la lole. Ziphaso zake dalaivala anakana kundionetsa. Nditafunsa amene anaona ngoziyo, gulu lonse lija linasanduka akhungu. Anavomera umboni ndi mayi wa tomato yekhayo. Wojambula zithunzi wa pamsika anajambula zitatu, nditakalipira kaye anthu amene ankafola kuti aonekemo.

Kenako mvula inatsika kuchokera kuphiri la Michesi. Ndinkaona ndi maso anga mikwasa ya matayala ikufufutika m'matope. Ndinachita mantha kwambiri, koma sindinadzuke.

Wapolisi anafika patapita maola atatu. Dalaivala uja anamuthamangira.

"Bwana, madalawa ndi amene analowa mbali yanga."

Wapolisiyo anatambasula tepi, kuyeza kuchokera m'mphepete mwa msewu kufika pa tayala lililonse, akujambula papepala.

"Magalimotowa anasunthidwapo?" anafunsa.

"Akanasuntha bwanji mayiwa atakhalapo?" anayankha kondakitala wina mokwiya.

Wapolisi anatembenukira kwa dalaivala. "Ndiye lole yanu ikutani kumbali ino?"

Lole inali idakali pomwe inatiombera, kumbali yathu ya msewu. Apo m'pamene ndinayesa kudzuka, miyendo n'kukana. Amuna anga anandinyamula ndili matope okhaokha, ndikulira pamaso pa msika wonse.