Tsiku limene kompyuta inagonthera amuna anga

Amuna anga amatayipa ndi chala chimodzi. N'chifukwa chake mushopu yathu ku Milange, akafuna kulembera ogula nyemba a ku Mocuba, ankangodina makiyi a Ctrl, Shift ndi S, n'kumayankhula Chipwitikizi, kompyuta n'kumalemba yokha.

Tsiku lina anadina, nayankhula mokweza mpaka makasitomala anacheuka, koma sipanalembeke kanthu. Sikirini inangoderako, kudikira kuti asankhe poti ijambule.

"Yagontha iyi," anatero.

"Simunaikemo kanthu dzulo, bambo?" ndinawafunsa.

Anakanda kumutu. Anali atawonjezera m'brawuza yotsegulira intaneti kapulogalamu kojambulira sikirini, kuti azisunga zithunzi za njinga yamoto imene ankaisirira, ndipo kameneko n'kamene kanalanda makiyi atatuwo. Nditakapatsa makiyi ena, kompyuta inayambanso kuwamva.

"Koma zithunzi za njingayo musafufute," anandipempha motsitsa mawu.