Makadi a Yakobo Namaluweso

Ku Chinakanaka anthu amanenabe kuti Yakobo Namaluweso anachotsedwa pa ulonda chifukwa cholowetsa abale ake pa tsiku logawa masikito. Kaundula wa tsikulo sakuvomereza zimenezo. Pa maina khumi ndi awiri oyambirira palibe m'bale wake ndi mmodzi yemwe. Ndikudziwa chifukwa ndinalemba ndine, mphunzitsi amene ndinali mlembi wa komiti ya zaumoyo.

A Yakobo anakulira ku Likhubula, komwe anasenza katundu wa alendo okwera phiri mpaka mawondo atayamba kukana. Pamenepo anapeza ulonda pa kachipatala kathu. Sukulu analekeza sitandade 4, koma kuwerengera anthu ankakudziwa kutiposa tonse.

Chaka cha 2011 tinauzidwa kuti mabanja 350 adzalandira masikito m'mawa umodzi. Tinachita mantha, popeza chaka chapitacho khamu linagwetsa mpanda. Tili mkati mwa msonkhano, a Yakobo anatsokomola pakhomo.

"Pepani akuluakulu. Tebulo limodzi limathandiza anthu angati pa ola?"

"Makumi anayi," ndinatero.

"Matebulo ndi awiri, ndiye makumi asanu ndi atatu. Inu muitane makumi asanu ndi awiri pa ola, malo otsalawo akhale a ochedwa. Panjira yopapatiza ya m'phiri sitinkanyamuka tonse pamodzi."

Tinadula makadi a mitundu isanu, mtundu uliwonse ndi ola lake, kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko. Ofiira, a ola loyamba, anali a amayi otchola tiyi, kuti akafike kumunda dzuwa lisanakwere. Obiriwira, omaliza, anali a okhala pafupi amene analibe changu. Popeza ambiri analibe wotchi, a Yakobo ankati aziimba chitsulo ola likakwana. Anatichenjeza chinthu chimodzi: wobwera nthawi yake isanakwane adikire pansi pa mtengo, kaya akhale ndani.

Tsikulo, chitsulo choyamba chitangolira, kunafika mayi Joice, akazi a kapitawo wa ku esiteti, khadi lobiriwira lili m'manja.

"Mayi, lanu ndi la 10 koloko," anatero a Yakobo.

"Iwe Yakobo, unkandisenzera nkhuni dzana lomweli, lero wasanduka bwanamkubwa?"

"Nkhuni ndikusenzeranibe, mayi. Koma pano pali amene akuthamangira kumunda kwa amuna anu omwe."

Amayi a pamzere anaseka. Wapampando wathu, a Chester Nakoma, sanaseke. Kwathu kuno kuimika munthu wolemekezeka pachipata n'chipongwe, ndipo tonse a m'komiti tinamva ngati tatukwanidwa ndife. A Nakoma anapita okha kukawatenga mayiwo. Atalowa iwo, panalibenso chifukwa chokanizira akazi a mkulu wa mpingo, kenaka apongozi a a Nakoma, kenaka azakhali anga. Ndinalemba maina awo osadzutsa mutu.

Mbiri inathamanga mpaka kumsika kuti makadi alibe ntchito ndipo wochedwa sapeza kanthu. Isanakwane 7 koloko mitundu yonse isanu inali pachipata. Amayi a makadi ofiira, poona kuti ola lawo likudyedwa, anakankha. Chitseko chinazuka, mayi wina wapakati anagwa n'kuthyoka dzanja, ndipo kugawa kunaimitsidwa.

Masana omwewo kunabwera akuluakulu a ku boma kudzafunsa amene anali pachipata. Funsolo linali lophweka, ndipo tinaliyankha mophweka: tinatchula mlonda. A Yakobo anaima chipewa chili m'manja, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Atafika pa ine anati, "Aphunzitsi, buku muli nalo ndinu." Ndinati m'bukumo mulibe mitundu ya makadi. Zinali zoona, ndipo ndinasankha choonadi chimenecho mosamala kwambiri. Anapereka makiyi n'kumapita.

Miyezi isanu ndi itatu ankalima kamunda kawo n'kumasoka nsapato pamsika. Ndikadutsa ankandipatsa moni mwaulemu wonse, zomwe zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Potsiriza ndinawerenga maina khumi ndi awiri aja pamsonkhano wa komiti, dzina lililonse ndi munthu wa m'komiti amene analilowetsa. Ndinayambira azakhali anga. Palibe anatsutsa.

Tinapita anthu atatu kukawapempha a Yakobo kuti abwerere. Anatisiya tiime padzuwa mpaka atamaliza kusoka nsapato imene inali m'manja.

"Makiyi nditenga," anatero. "Chitsulo ndiimba. Koma wobweza anthu pachipata akhale wa jekete ngati inu. Ine mawu anga amathera pa akazi a kapitawo."

Anabwerera pa ntchito pa 9 Juni 2012, tsiku la katemera wa ana. Kuyambira pamenepo, pakakhala khamu, pachipata pamaima wapampando wa komiti, ndipo abale a anthu a m'komiti amapatsidwa makadi a ola lomaliza.