Chisakasa cha sikelo ndi "inu" wanga

Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, mphepo inagwetsa mtengo umene tinkapachikapo sikelo ya ana m'mudzi mwathu, kwa Makhuwira. Alangizi a zaumoyo, mayi amene ankabwera panjinga kamodzi pamwezi, anatiyezera ana padzuwa, sikelo atainyamula amayi awiri pamunsi wa mtondo. Pomaliza anati akadzapeza palibe mthunzi mwezi wotsatira, tizidzapita tokha kuchipatala. Kumeneko ndi ulendo wa maola awiri, mwana ali kumsana, dzuwa la kuno likuwotcha mapazi.

Amayi anzanga anasankha ine kuti ndione zomangitsa chisakasa cha sikelo, poti malowo ali pafupi ndi khomo lathu. Ndinavomera ngakhale sindinkafuna.

Pamsonkhano wake panabwera abambo asanu ndi mmodzi. Pakati pawo panali alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amadziwa kumanga. Ine mumtima ndinkanena iwowo. Koma ndinagwada, maso pansi, n'kunena kuti, "Ndimapempha kuti inu mutimangire chisakasa." Onse anavomera kuti chabwino.

Panatha masabata awiri popanda ndi dzenje lomwe. Nditawafunsa alamu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, 'inu' wako uja unkauza nyerere? Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Ine ndimayesa ukuuza tonse, enawo amayesa ukundilemekeza ineyo."

Manyazi anandigwira, koma ananena zoona. Munthu mmodzi wamkulu ndi inu, gulu nalonso ndi inu. Chimasiyanitsa ndi maso, ndipo anga anali pafumbi.

M'mawa mwake ndinapita kwawo, mwana kumsana, nditaloweza mawu m'njira. Ndinawapeza akusoka ukonde.

"Alamu, lero ndikunena inu nokha, osati wina. Chisakasa ndi chanu. Okuthandizani musankhe nokha."

"Ehe, mtsikana wayamba kulankhula! Chotani chisakasacho?"

Ndinawauza. Chokwana amayi makumi awiri atakhala pansi, denga la udzu losalowa dzuwa, ndi mtanda wolimba pakati wopachikapo sikelo, wotalika kuti mwana akalendewera asagunde pansi. Alangizi ankayenera kubwera Lachinayi la sabata yotsatira, choncho ndinati chithe Lachiwiri, kuti Lachitatu tisese. Udzu ndinati tidzabweretsa amayife.

"Ndipo uzidzabwera m'mawa uliwonse kudzandilira pakhomo?"

"Ayi. Tchulani tsiku limodzi loti ndidzaone pamene mwafika."

Anaganiza pang'ono n'kunena kuti Loweruka nsanamira zidzakhala zitaima.

Masiku amenewo anandivuta kuposa kulankhula kuja. Popita kumjigo ndinkadutsa pamalopo tsiku lililonse. Lachitatu panalibe kanthu. Lachinayi palibe. Mnzanga wina anandikoka chitenje kumjigo. "Iwe, pita ukawakumbutse. Amuna aja ukawasiya, mwana wako adzayezedwa ali ndi ndevu." Ndinakumana nawo alamu kawiri m'njira. Ndinawapatsa moni, kufunsa za akunyumba, basi. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwakumbutse. M'malo mwake ndinatenga amayi anayi kukamweta udzu, n'kuunjika mitolo pamalopo monga ndinalonjezera.

Loweruka ndinapita. Nsanamira zisanu ndi imodzi zinali zitaima, zowongoka bwino. Mitengoyo anali akuidula kumunda kwawo masiku onse aja ine ndikuda nkhawa. Mtanda wokha ndiwo panalibe.

"Chatsala n'chiyani choti ndithandize?" ndinafunsa.

Anakanda kumutu. Anati mtengo wautali wolimba ulipo kwa apongozi anga aakazi, amayi awo omwe, koma awakaniza kawiri, ati ndi wa nkhokwe. Ndinapita ndekha kwa apongozi, mdzukulu wawo ndinamuika pamiyendo pawo, n'kuwafotokozera za ulendo wa kuchipatala uja. Anamuyang'ana mwanayo n'kunena mwachisena kuti, "Pyadidi, kwatani." Ndiye kuti atilola kutenga.

Lachiwiri dzuwa lisanapendeke, alamu anandiitana. Anagwira mtanda ndi manja awiri n'kulendewera, miyendo m'mwamba, bambo wamkulu ndithu.

"Ukandinyamula ine, ndiye kamwana kakoko?"

Lachinayi alangizi anatsika panjinga, anazungulira chisakasa, anagwedeza nsanamira imodzi, kenako anapachika sikelo. Anafunsa kuti wamanga ndani. Alamu analoza ine, ine ndinaloza iwo, amayi onse n'kuseka. Mwana wanga ndiye anayamba kukwera sikelo, akulira ndi kupalasa miyendo mumthunzi. Alangizi analemba m'buku lake kuti kulemera kwake kwakwera, n'kulengeza tsiku lodzabweranso pomwepo. Mnzanga wakumjigo uja anayambitsa nthungululu, ndipo ine, amene sindinaimbepo pagulu, ndinaimba nawo mokweza.