Liwu Limodzi Lomwe Ndinalisiya ku Polisi

Wakubayo ndinangomuona msana ndi kofiya yoyera akuthawa ndi njinga ya achimwene pamsika wa Khombedza. Nkhope yake sindinaione ayi.

Patapita sabata apolisi anandiitana kuti ndikaloze wakubayo pamzere. Mzere wake uti? Amayenera kuimika anthu ofanana msinkhu ndi zovala. Iwo anaimika amuna anayi ovala nsapato zopolisha, pakati pawo a Jafali, msodzi wopanda nsapato, atavala kofiya okha, mlomo uli wotupa.

"Akukhala ngati ndi awa," ndinatero.

Wapolisi analemba m'Chingerezi n'kundipatsa pepala. "Werengani, bambo. Si paja munapita kusukulu?"

Ine ndi Sitandade 5 yangayo ndinayendetsa chala pamizere, kugwedeza mutu ngati kalaliki wa DC, n'kusaina. Chitsiru! "Ngati" wanga munalibe m'menemo.

A Jafali apolisi anali atawamenya masiku atatu mpaka anadinda chala papepala lovomera mlandu. Kukhoti la mafumu maloya sankaloledwa, ndipo palibe anandifunsa kuti ndinaona nkhope kapena msana. Akundiwerengera mawu angawo m'Chichewa ndinamva bodzalo bwinobwino, koma nthawi ya chipani chimodzi ndani akanatsutsa wapolisi? Ndinati, "Ndi momwemo." A Jafali anawapatsa zaka zitatu.

Njingayo inadzapezeka ku Chinguluwe, kwa munthu wina, a Jafali atatsala miyezi iwiri kuti atuluke.

Ndinakumana nawo pamsika atatuluka. Anavula kofiya n'kundiyandikira kwambiri.

"Ndiyang'anitsitseni, achimwene," anatero. "Mwina mawa adzakufunsaninso."