Zimene a Kapitawo Anaulula Lachisanu

A kapitawo anagwira ntchito kunyumba yosindikizira mabuku zaka makumi atatu ndi chimodzi. Analowa nthawi ija zilembo ankaziyala ndi manja, chimodzichimodzi, inki n'kukhala m'zikhadabo mpaka Lamulungu. Masiku amenewo amawalakalakabe mpaka lero. Tisabise, anali munthu wokonda kutamidwa, ndipo nkhani yawo ya pamtima inali ya kalendala. Aliyense ankadziwa kuti chaka china iwowo ndiwo anaona kuti Febuluwale wapatsidwa tsiku lowonjezera m'chaka cholakwika, makina asanalavule makalendala zikwi khumi. Nkhaniyi tinaimva mpaka makutu kuwawa.

Itayandikira nthawi yoti akapume, abwana anasankha mayi woyang'anira chipinda chosokera mabuku kuti akwezedwe, alowe m'malo mwawo. Anawauza a kapitawo kuti akamuonetse okha kwa antchito onse Lachisanu, ndipo akatchule ntchito zake zenizeni, osati zongoti ndi wolimbikira. Koma azibambo a kumakina anali atayamba kale kung'ung'udza kuti wosoka mabuku angawauze chiyani iwo. A kapitawo ankawadziwa bwino anthu awo: akamukana tsiku limenelo, mayiyo sakanatha miyezi itatu pampandopo.

Lachisanu masana makina anazimitsidwa, anthu anaima pakati pa milu ya mapepala. A kapitawo anaimika mayiyo pambali pawo, n'kunena za udindo wake watsopano. Anakumbutsa anthu za mabuku a nyimbo amene ankathothoka masamba nyengo ya mvula, mpaka mayiyo anayesa guluu wa mitundu inayi n'kupeza wogwira. Anatchulanso anthu asanu ndi awiri amene mayiyo anawaphunzitsa makina odulira mapepala, onse zala zili zokwanira mpaka pano. Anzake osoka mabuku anaomba m'manja. A kumakina anangopinda manja, wina n'kuyasamula dala.

Apa a kapitawo anachita mantha. Chinatsala chinali chimodzi chokha, ndipo chinali chowawa.

"Kalendala ija sindinaione ndine," anatero. "Anaona ndi mayiwa, ali ndi miyezi iwiri yokha pantchito. Anabwera kudzatenga mapepala, anayang'ana, anandinong'oneza. Ine ndinathamangira kwa abwana ndekha, dzina lawo osalitchula. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akhala akundimva ndikudzitama, osatsegula pakamwa."

Mayiyo anayang'ana pansi, a kapitawo nawo manyazi anawagwira osadziwa poika maso.

Kenaka mkulu wa kumakina, nkhalakale yosamva za munthu, anapita patebulo n'kutenga pepala loyesera la ntchito ya Lolemba, lija limafunika siginecha ya kapitawo makina asanayambe. Anabwera nalo molunjika, ndipo a kapitawo mwachizolowezi anatambasula dzanja. Mkuluyo anawadutsa.

"Mayi, tationerani ili," anatero.

Ndi zomwe a kapitawo ankafuna, inde. Koma zinawapweteka, ndipo dzanja lija analibweza pang'onopang'ono n'kuliika m'thumba.