Malikisi Awiri a Mayi Otilia

Mumzinda wonse wa Focșani, mwana amene anadutsa m'manja mwa Mayi Otilia Cernat, ngakhale mutamudzidzimutsa ali m'tulo, adzakutchulirani chaka chimene mfumu ya dzikolo inatula pansi ufumu asanatsegule n'komwe maso. Mayiwa anaphunzitsa mbiri yakale zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa nkhani ya zaka analibe chisoni. Mwana akaphonya chaka, iwo ankavula mandala pang'onopang'ono n'kumufunsa ngati iyeyo anabadwa amayi ake asanabadwe. Ana ankawatcha Kalendala, koma kuseri, pamaso ndani akanayerekeza.

Nkhanza zawozo zinali ndi pochokera. Anakula nthawi ya chikomyunizimu, mabuku a kusukulu akunama masanasana. Bambo awo, woyendetsa sitima, ankawanong'oneza kuti m'buku lonselo choona ndi zaka zokha, zinazo angoloweza kuti akhoze. Otilia anagwiritsa mawu amenewo mpaka imvi.

Julaye wa chaka chawo chomaliza asanapume, anaitanidwa kukachonga Baki, mayeso otsiriza a kusekondale. Mapepala anachokera ku boma lina, dzina la mwana aliyense lili pakona yopinda, yomata ndi kudinda. Pepala lililonse linkachongedwa ndi aphunzitsi awiri, aliyense payekha, malikisi akulemba pa fomu yakeyake osaonetsana. Pomaliza ankaphatikiza n'kugawa pawiri. Wosafika 50 ndiye kuti wagwa Baki yonse, adikire mayeso obwereza a Ogasiti, malo abwino a ku yunivesite anzake atalanda kale.

Mnzawo wochonga naye anali Horia Pâslaru, amene kale anakhalapo pa benchi m'kalasi mwawo. Tsopano anali mphunzitsi wandevu zake, wodziwika kuti ndi wofewa mtima ngati buledi wa m'mawa. Mayi Otilia ankamukonda, koma sankamukhulupirira. Munthu woti mwana akalira amamuwonjezera malikisi, ameneyo ndi mphunzitsi?

Tsiku lachitatu masana, kutentha ngati mu uvuni, fani ikungozunguza mpweya womwewo, Horia anawapatsira mulu umene iye anali atamaliza. Pepala lachisanu ndi chiwiri ndi limene linawaimitsa. Zigawo ziwiri zoyamba mwanayo anapunthwa nazo kwambiri. Koma atafika pa chimangirizo, chofunsa mmene achikomyunizimu analandira dziko nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mayi anawongola msana. Mwanayu anati asilikali a Soviet atadzaza m'dziko anakakamiza boma lowamvera. Bomalo, pokhala ndi apolisi m'manja, linabera zisankho. Litagwira nyumba ya malamulo linathetsa zipani zotsutsa, ndipo mfumu itatsala yokhayokha inakakamizidwa kutula pansi. Chilichonse chikubala chinzake. Pa mapepala makumi asanu ndi limodzi amene anali atawerenga, palibe anamvetsa chonchi.

Koma zaka, abale! 1955, 1956, 1957. Zonse zitatu anazikankhira kutsogolo ndi zaka khumi zathunthu. Mayi Otilia anamva kutentha kumaso ngati wawatukwana. Mu 1957 iwe, mfumu inali itatha pafupifupi zaka khumi ili kunja kwa dziko.

Anakoka baremu, pepala la unduna lonena malikisi a chinthu chilichonse, n'kuyamba kuyenda nalo ndi chala. Kutchula zochitika: mwana watchula zolondola, anamupatsa. Mfundo yake ndi umboni wake: zilipo, anamupatsa onse, dzanja likulemera. Kenako likisi limodzi la kusanja zochitika m'ndondomeko yake. Apa anakhala nthawi. Zaka n'zabodza, inde, koma choyamba chili poyamba, chomaliza chili pomaliza, ndipo baremu ikufunsa ndondomeko. Anakukuta mano n'kulemba 1.

Panatsala chinthu chimodzi: kufotokoza chochitika chimodzi mwatsatanetsatane. Malikisi atatu ngati pali mfundo ziwiri zoona ndi kusonyeza chimene chinachititsa, limodzi ngati pali kamfundo kokha. Mwanayu, pa zisankho zija, anali ndi mfundo ziwiri zoona popanda kuwerengera chaka, ndipo chochititsa anachionetsa poyera. Mayi anawerengetsera pambali. Akapereka atatu, pepala lifika 52. Akapereka limodzi, 50 ndendende.

Mtima unkawauza kuti atatuwo ndi a mwanayo, baremu nayo sinkatsutsa. Koma malikisi onse pa ndime imene pakati pake pakhala 1956? Iwo, Otilia Cernat, asayinire zimenezo chaka chawo chomaliza? Ndipo pepalali likadzachongedwanso ndi ena, adzati Kalendala wakalamba. Anasuzumira Horia, amene ankatafuna chisoti cha cholembera pafupi ndi zenera. Kumufunsa kunali koletsedwa, komanso panalibe chofunsira. Ameneuja, anaganiza choncho, wapereka 55 kapena kuposa, mwana adutsa bwinobwino, ndipo ine ndikhala nditanena zanga. Analemba 1, anaphatikiza 50, n'kusayina.

Madzulo anakapereka mafomu kwa Bambo Zamfir, wapampando wa ochonga, munthu wotopa amene ankangofuna kupita kwawo. Iwo ankaika mafomu awiriwo pambalipambali n'kumawerenga mokweza, mlembi akulemba. Atafika pa pepala lachisanu ndi chiwiri anati Cernat 50, Pâslaru 48, kusiyana n'kochepa kotero palibe zochonganso, pakati ndi 49.

Mayi Otilia anapempha kuti abwerezenso, ndipo Bambo Zamfir anabwereza osadzutsa mutu. Mayi anatembenukira kwa Horia n'kumufunsa kuti malikisiwo wawadula pati.

"Pa zaka, aphunzitsi," anatero Horia, makutu atafiira. "Ndimafuna kumupatsa 54. Koma nditakumbukira kuti likubwera kwa inu, ndinati mukaona ndapereka malikisi pa 1957 mundiyesa chitsiru. Ndinaganiza kuti inu mupereka 40."

Mayi anamuyang'ana mokwiya, koma analibe pomugwira. Masamu ake anali osavuta ngakhale kwa mwana wa pulayimale: akanapereka atatu aja, 52 ndi 48 zikanabala 50.

Anauza Bambo Zamfir kuti alakwitsa pa ndime imodzi, akufuna fomu yawo akonze. Bambowo anapukusa mutu. Fomu yasayinidwa, malikisi a mnzawo awamva kale, ndipo kusintha tsopano ndi mlandu woti ungawachotsetse ntchito onse atatu. Anawonjeza mowatonthoza kuti mwanayo ali ndi ufulu wodandaula zotsatira zikatuluka, pepala lidzachongedwa ndi ena.

"Nanga akapanda kudandaula?" anafunsa mayi. "Amene wapeza 49 amangoti ndine mbuli, n'kupita kukalira kunyumba. Ndani akamuuze kuti anakhoza?"

Dzina la mwanayo linali likadali pansi pa chidindo, ndipo ngakhale likanakhala poyera, wochonga saloledwa kufunafuna mwana. Bambo Zamfir anawasunthira pepalalo ndi cholembera, poti wochonga aliyense amalemba malikisi ake pachikuto ndi dzanja lake. Mayi Otilia analemba, anasayina, manyazi ndi chisoni zitawagwira pamodzi. Mlembi analitenga n'kuliika pa mulu wa ogwa, Bambo Zamfir n'kuitana pepala lachisanu ndi chitatu.